Chigubu cha mafuta chimatha koma ndalama yooda china osakwana: nkhani ya benchi ya mayi wina ku Chikanda

Ine ndili ndi okala ku Chikanda konkuno ku Zomba komanso ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde, ndiye membala akayamba kuvutika kubweza ngongole gulu limanditumiza kuti ndikaone geni yake kuti yadwala pati tisanayambe zolandana ndowa ndi mapoto. Lipoti ili ndi la mayi mmodzi wa gulu lathu, dzina sinditchula, amene amagulitsa mafuta ophikira opima, shuga wa timapepala ndi sopo wodula pabenchi panja pa nyumba yawo. Anandilola kuti ndilembe chifukwa vuto lawo ndi lomwe lija tonse opima timakumana nalo. Mitengo yomwe ndaika ndi ya m'kope mwawo nthawi imeneyo ndipo ndaichotsa timakwacha tapamwamba kuti masamu asavute, mukudziwa nokha kuti mtengo wa lero mawa umakhala utasintha, ndiye inu muike yanu.

Dandaulo lawo linali lakuti katundu akuyenda bwinobwino, makasitomala osasowa, chigubu cha mafuta cha malita 20 chimatha pasanathe masabata awiri, koma tsiku lokaoda likafika ndalama imaperewera. Amatenga ya sopo kuphatikiza, ulendo wina amatenga ya shuga, mpaka anafika poti sopo akuoda theka la katoni m'malo mwa katoni yathunthu ndipo ku gulu anadumpha masabata awiri osaponya. Iwo amakayikira mwana wawo wamkazi yemwe amatsala pabenchi akapita kuchigayo, apongozi awo amanena za chitaka, ndipo mayiwa anali atayamba kale kuika makala ndi singano m'kachitini ka ndalama. Ine za chitaka sindinatsutsane nawo, ndinangoti mayi, tiyeni tiyambe tapima kaye kakapu kanuka, zinazo tiona pambuyo.

Masamu a m'mutu mwawo

Chigubu amaoda mutauni pa K90,000, wakabaza kuchibweretsa ku Chikanda limodzi ndi katundu wina K2,000, ndiye chafika pakhomo ndi K92,000. Muyezo wawo ndi kakapu kapulasitiki kamene anagula kumsika atauzidwa kuti ndi ka mamililita 50, ndipo muyezo umodzi amagulitsa K300, amathira m'kachubu konga ka mafilizesi kenako n'kumanga, kapena kasitomala amabwera ndi kambale kake. Lita imodzi ndi mamililita 1,000, ndiye malita 20 ndi mamililita 20,000, kugawa ndi 50 mupeza miyezo 400. Miyezo 400 kuchulukitsa ndi K300 ndi K120,000. Kuchotsa K92,000 ija patsala K28,000. Nambala imeneyi ndi imene inali m'mutu mwawo, moti chigubu chilichonse akachitsegula amadziwa kuti muli mawini a K28,000, ndipo ndiwo zapakhomo, yunifolomu ya mwana, zopereka za kumaliro, zonse amazitapa m'kachitini momasuka poganiza kuti akudya phindu.

Masamuwa ndi olondola papepala, palibe pomwe analakwitsa kuchulukitsa. Chomwe anali asanachitepo chiyambire geni ndi kuwerenga kuti m'chigubu chimodzi mumatulukadi miyezo ingati. Opima ambiri sitiwerenga, timangothira mpaka chigubu chipepuke.

Kupima kakapu

Ndinabwera ndi sirinji ya mamililita 20, yatsopano yogula kufamase yopanda singano, ndi yotchipa ndipo ili ndi mizere yake yowerengera. Ndinawauza kuti andipimire mafuta a K300 ndendende mmene amapimira kasitomala, osasintha dzanja chifukwa choti ndikuyang'ana. Anaviika kakapu m'kandowa momwe amatsanulira mafuta, n'kukatulutsa kodzadza mpaka pakamwa kakudontha m'mbali, n'kuthira m'mbale, kenako n'kubwerezanso kuviika pang'ono n'kudonthezera, kamene kaja timati banyira. Muyezo wa 50 umayenera kudzadza sirinji kawiri ndi theka. Uwu unadzadza sirinji katatu. Ndiye kuti mamililita 60.

Tinabwereza kangapo, mwana wawo uja nayenso anapima, ndipo chodabwitsa dzanja la mwanayo linali lolimba kuposa la mayi ake, iye samaika banyira ndipo muyezo wake umakhala cha m'ma 56. Apa mpamene tinaona kuti kakapuko pakokha ndi kabodza: ka 50 kali ndi kamzere mkati, chapansi pang'ono pa mlomo, ndipo 50 amathera pakamzerepo, koma palibe kasitomala angalole kuti mumupimire kakapu kosadzadza iye akuona. Ndiye mukadzadzitsa mwapereka 56, mukadonthezera banyira mwafika 60.

Mamililita 10 oonjezera pa kasitomala mmodzi sioti mungawaone, ndi supuni ziwiri zazing'ono za tiyi basi. Koma mukawachulukitsa ndi anthu oposa 300 ndi malita atatu ndi kanthu, operekedwa ulere pa chigubu chilichonse.

Kenako tinafufuza lita ina yomwe simafika n'komwe kwa kasitomala. Pophika ndiwo zapakhomo mayi amangotapa muyezo umodzi, tsiku la nsomba yokazinga iwiri, osalipira osalemba, poti ndi mafuta awo omwe. Pa masiku 12 amene chigubu chimakhala zimenezi zimapitirira theka la lita. Ena amatayika potsanula kuchoka m'chigubu kupita m'kandowa, chigubu chodzadza ndi cholemera makilo oposa 18 ndipo chimatsanula mobwibwita ngati mulibe fanulo, thebulo lawo linali lakuda bii ndi mafuta ndipo kansalu kopukutira kanali kolemera. Ena amatsalira m'makoma a chigubu, makamaka mu Juni ndi Julayi kuno ku Zomba kukazizira mafuta ena amachita mbuu n'kulimba ndipo satsika msanga. Zonsezi pamodzi tinaziika lita imodzi.

Ndiye masamu enieni ndi awa. Ogulitsidwa ndi malita 19, mamililita 19,000, kugawa ndi 60 mupeza miyezo 316, osati 400. Kuchulukitsa ndi K300 ndi K94,800. Kuchotsa K92,000 ya chigubu ndi kabaza, kuchotsanso K1,500 ya timachubu imene iwo samaiwerengera n'komwe, phindu lotsala ndi K1,300. Masiku 12 kukhala padzuwa, kumanga timachubu mpaka zala kuwawa, chifukwa cha K1,300. Miyezo 84 inasowayo ndi K25,200, ndipo mwa imeneyi 20 ndi ya lita yapakhomo ndi yotayika ija, 64 yonse ndi ya kakapu ndi banyira.

Mayiwa anakhala chete kanthawi kenako anati, achimwene, ndiye kuti mwanayu ndakhala ndikumunamizira? Ndinati kope lanuli silikuonetsa kuti waba, zomwe zasowa tazipeza zonse kakapu kali m'manja mwanu.

Chomwe chimachititsa kuti ndalama isakwane tsiku looda chinali ndi zina ziwiri pamwamba pa zimenezi. Choyamba ngongole, m'kope munali K6,500 ya mafuta okha yomwe inali isanabwere, ena odikira mwezi uthe, ena oti anasamuka kalekale. Ndiye ndalama yogwirika m'manja inali K94,800 kuchotsa K6,500 kuchotsa K1,500, yomwe ndi K86,800. Chachiwiri, atafika kuholoselo anapeza chigubu chakwera kufika K97,000, ndi kabaza K99,000. Shoti K12,200, ndipo apa sitinawerengere zomwe anatapa m'kachitini poganiza kuti ndi mawini. Shoti imeneyi ndi yomwe imadya sopo.

Nkhani yokwera mitengoyi ndiyofunika kuimvetsa chifukwa mafuta ophikira amatsatira kwambiri ndalama yakunja, makampani oyenga amaitanitsa mafuta osayenga ambiri kuchokera kunja, ndiye kwacha ikagwa iwo ndi oyamba kudumpha. Aliyense amene anali pa geni mu Meyi 2022 kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 itatsitsidwa ndi 44 peresenti, akukumbukira kuti amene anagulitsa katundu wakale pa mtengo wakale anasangalatsa makasitomala sabata imodzi kenako n'kulephera kuoda. Mtengo wanu wogulitsira uziyang'ana chigubu chomwe mukagule, osati chomwe munagula kale. Ine chigubu chikafika theka ndimaimbira mnyamata wa kuholoselo kufunsa mtengo wa lero, kuti ngati wakwera theka lotsalalo lithandize kunyamula.

Shuga ndi sopo

Shuga tinamuona mwachangu chifukwa matenda ake ndi omwewo. Belo la mapaketi 20 a kilo imodzi anaoda K56,000, ndiye paketi ndi K2,800. Amati paketi imodzi amaigawa timapepala 10 ta K350, kutanthauza K3,500, phindu K700. Titatsegula paketi n'kugawa ndi supuni yawo yosenza phiri tinatuluka 9 ndi kotsala kosakwana, kamene kamapita mu tiyi wa ana. Ndiye K3,150, kuchotsa timapepala phindu limatsala cha m'ma K300 pa paketi, belo lonse K6,000. Supuni si muyezo, yosalaza ndi yosenza zimasiyana pafupifupi kawiri, ndipo shuga akanyowa m'nyengo yamvula amagwirana n'kusenza kwambiri.

Koma vuto lalikulu la shuga wawo silinali supuni, linali lakuti belo limatenga masabata asanu kuti lithe. K56,000 yagona pansi pa bedi mwezi wonse ndi kanthu kudikira K6,000, nyerere zikulowa m'mapaketi obooka, pamene ndalama yomweyo pa sopo ikanazungulira kangapo. Shuga wopima amayenda mmawa wokha, nthawi ya tiyi ndi phala, ndipo mu nyengo ya njala anthu amamusiya msanga kusiyana ndi mafuta. Ku yunivesite ya Chanco akatsekera holide malonda a shuga amatsikanso chifukwa theka la makasitomala a mbali imeneyo ndi ana asukulu ochita lendi. Anthu ambiri amaoda belo chifukwa chokumbukira kusowa kwa shuga kwa mu 2024 pamene amene anali naye anapha makwacha, koma kusunga katundu podikira kuti asowe ndi geni ya munthu wa mpamba waukulu, wa pabenchi sangakwanitse.

China chomwe ndinapeza, belo la shuga linali logundana ndi katoni ya sopo pansi pa bedi pomwepo. Shuga amakoka fungo, ndipo kasitomala akamva sopo mu tiyi sadandaula, amangosiya kubwera. Tinasamutsa shuga kumuika m'ndowa yotseka pamwamba pa mpando.

Sopo ndi amene amawasunga osadziwa. Sopo wautali wochapira uja mtanda umodzi amaupeza K2,000, amaudula zidutswa 5 za K500, phindu K500 pa mtanda, ndiye pa K100 iliyonse yomwe aika ikubwera ndi K25. Sopo sabisa kanthu chifukwa ndi wowerengeka, mitanda 10 ndi zidutswa 50, chikasowa chimodzi mudziwa madzulo omwewo, ndipo palibe kasitomala angakupempheni banyira ya sopo. Chosamala n'chakuti musadule wambiri nthawi imodzi popeza wodula akakhala pamphepo ndi padzuwa amauma n'kufota, m'mbali n'kupindika, ndiye chidutswa cha K500 chimaoneka ngati cha K300. Dulani wa masiku awiri, wina akhale m'katoni mu pepala lake. Podula gwiritsani ulusi wolimba kapena kawaya kopyapyala, mpeni umanyenya sopo wouma, ndipo mukhale ndi kamtengo kodulidwa pa utali wa chidutswa chimodzi kuti zonse zifanane, apo ayi makasitomala amasankha zazikulu n'kukusiyirani kakumapeto kamene mumadzagulitsa motsitsa.

Ndiye mwa katundu utatu, amene amabweretsa ndalama ndi amene iwo amamuchepetsa ulendo uliwonse kuti akwanitse chigubu. Geni inali ngati ndowa yobooka yomwe ukuthiramo madzi a mumtsuko wabwino.

Zomwe tinasintha

Chachikulu chinali kusandutsa mafuta kuti akhale katundu wowerengeka ngati sopo. Kupima pamaso pa kasitomala tinasiya, kupatula kwa obwera ndi kambale kawo. Madzulo m'nyumba, kapena mmawa benchi isanatuluke, amatsanula malita 5 ndi fanulo n'kumangiratu timachubu tonse, n'kuwerenga, n'kulemba m'kope. Malita 5 ayenera kutulutsa timachubu pakati pa 96 ndi 100, akapeza 90 adziwa pompo kuti dzanja layambanso kulemera, osadikira chigubu chithe. Kachubu komangidwa kale kalibe za "onjezerani pang'ono amayi", kasitomala amangoloza n'kutenga, ndipo mwana akatsala pabenchi mumamusiyira timachubu 30, madzulo abweze timachubu kapena ndalama yake, mkangano palibe.

Kakapu tinakakonza. Tinathiramo mamililita 50 ndi sirinji, n'kulemba pomwe mafuta alekezera, n'kudula mlomo ndi mpeni wotentha pamzerepo, kuti kakadzadza mpaka pakamwa kakhale 50 weniweni. Izi n'zothandiza kwa obwera ndi kambale kawo aja, amaona kakapu kodzadza mtima wawo n'kukhala pansi. Chenjerani kuti mafuta amatsalira m'kakapu, ndiye yesani ndi zomwe zatuluka m'mbale osati zomwe mwathiramo. Cha shuga tinachita chimodzimodzi ndi kachitini, tinapita kwa mnzathu wa golosale amene ali ndi sikelo n'kupima magalamu 100, n'kudula kachitini pamenepo, ndipo podzadza amasalaza ndi mpeni. Paketi ikatsegulidwa imangidwe yonse 10 nthawi yomweyo.

Mabotolo ndi msampha wina womwe ndiutchule ngakhale mayiwa sagulitsa ambiri otero. Botolo la madzi kapena la zakumwa lolembedwa kuti ndi theka la lita silidzadza mpaka pa chitsekerero likamachoka kufakitale, pamakhala mpata pakhosi, ndiye inu mukalidzadzitsa mpaka pamwamba mwapitirira theka la lita. Pimani botolo limodzi, lembani mzere, ena onse azilekezera pomwepo. Ndipo botolo lotsukidwa liume kaye kwenikweni, madzi otsalira pansi amathetheka mu poto n'kuwotcha munthu komanso amaononga mafuta msanga.

Pakhomo tinati pakhale kasitomala ngati wina aliyense. Akafuna mafuta a ndiwo atenge kachubu n'kuponya K300 m'kachitini, ikasowa alembe dzina lawo m'kope la ngongole. Anaseka kuti munthu kudzikongoza wekha, koma sabata yoyamba ataona dzina lawo lili ndi ngongole yoposa ya aliyense anasiya kuseka. Ndalama tinaigawanso, mafuta kachitini kake, sopo kake, shuga kake, kuti wina asamabise matenda a mnzake. Ya mpamba wa mafuta amaiponya mu foni masiku atatu alionse kuti isamaoneke ndi maso, ngakhale potapa amakudulani kenakake ndiye musamatape pang'onopang'ono.

Chigubu chikatha asachithamangire kugulitsa. Achizondotse pa fanulo usiku wonse, kukazizira achiike m'beseni la madzi ofunda kaye, mmawa mumapeza timachubu tingapo. Kenako chigubu chopanda kanthucho ndi ndalama, anthu amachifuna potungira madzi, iwo anagulitsa K2,500, ndipo kale amangopatsa achibale ulere.

Za dzuwa ndinawalankhula mwamphamvu pang'ono. Ambiri amakoloweka timachubu pa chingwe padzuwa kuti tiziwala n'kukopa anthu, ena amaika chigubu chonse padzuwa kuti mafuta asungunuke. Mafuta ophikira ndi shuga zogulitsidwa m'Malawi muno zimathiridwa vitamini A mwa lamulo, ndipo vitamini ameneyu amaonongeka ndi kuwala, ndiye kachubu koonekera mkati kokhala padzuwa masiku angapo kataya zina zomwe mwana amayenera kupeza. Mafutawonso amayamba kafungo kachiwisi kowawa pakhosi. N'chifukwa chake ndinati azimanga malita 5 okha osati chigubu chonse, pachingwe pazikhala tochepa toitanira anthu pamthunzi, tina tikhale m'ndowa yovundikira. Pa timapepala tomangirato muzidziwanso kuti boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60 mu 2015 ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, nkhaniyi imazilala n'kuyakanso, ndiye kuoda mulu wa timapepala ta miyezi isanu ndi umodzi si nzeru.

Pomwe panavuta

Kuchoka pa 60 kufika pa 50 makasitomala anaona tsiku loyamba lomwe. Amayi ophika tsiku ndi tsiku amadziwa pomwe mafuta a K300 amalekezera mu poto wawo kuposa sirinji yanga. Panali njira ziwiri, kusiya muyezo waukulu uja n'kukweza mtengo kufika K350 kapena K400, kapena kusiya K300 n'kubweza muyezo pa 50. Tinasankha yachiwiri pa zifukwa ziwiri. Wogula mafuta opima sabwera kudzafunsa mtengo, amabwera ndi ndalama yowerengedwa kale, K1,000 ya tsikulo yagawidwa kale tomato, matemba, makala ndi mafuta, mwana wotumidwa wafumbata K300 yake ndendende, mukamuuza K350 abwerera ndipo mayi ake amutumiza kwa neba. Chinanso K350 imafuna chenji cha K50 chomwe chimasowa, mapeto ake mumangoti mudzapereka mawa ndipo mawalo silifika.

Pali ena amachepetsa muyezo mobisa, amasintha n'kugula timachubu topyapyala kuti mafuta ochepa azioneka aatali, ena mpaka kubooleza pansi pa kakapu n'kumatamo kanthu. Ine zimenezo sindigwirizana nazo, ndipo si nkhani ya chikumbumtima chokha, ku Chikanda nyumba n'zogundana ndipo mbiri yoti uje amabera imayenda msanga kuposa njinga. Mayiwa anawauza makasitomala poyera kuti chigubu chakwera ndiye muyezo ndi uwu, n'kuwaonetsa kakapu. Ena anang'ung'udza n'kugulabe, angapo anapita kwa neba amene akupimabe mosefukira, ndipo nebayo sindikumufunira zoipa koma masamu ake ndi omwe aja a K1,300. Banyira sitinaithetseretu, amayi ogula tsiku lililonse aja pakutha pa sabata amawapatsa kachubu kamodzi kathunthu kolembedwa m'kope, amakondwa nako kuposa kadontho ka tsiku ndi tsiku kamene samakaona n'komwe, ndipo kamawerengeka.

Zotsatira pa chigubu chotsatira

Chigubu K97,000, kabaza K2,000, timachubu K1,800, zonse K100,800. Timachubu togulitsidwa, kuphatikiza tomwe anagula okha pakhomo, tinakwana 386, tina 14 tinapita mu zotayika ndi banyira ya pasabata ija. 386 kuchulukitsa ndi K300 ndi K115,800, phindu K15,000, kuonjezera K2,500 ya chigubu chopanda kanthu. Chinatenga masiku 14 m'malo mwa 12, zomwe n'zomveka poti miyezo yachuluka ndipo makasitomala angapo anachoka. Ndiye ndi ndalama yongopitirira pang'ono K1,000 patsiku. Si yoti munthu angamangire nyumba, ndipo sinafike pa K28,000 ya m'maloto ija, koma ndi yeniyeni ndipo chigubu chikudzigula chokha osakhudza sopo.

Nambala imene ndinawasiyira kuti aziiwerenga ulendo uliwonse ndi mtengo wa kachubu kamodzi kwa iwo eni: ndalama zonse zolowa kugawa ndi timachubu totulukadi. Apa ndi K100,800 kugawa ndi 386, yomwe ndi K261. Ndiye pa K300 iliyonse yawo ndi K39 yokha. Mukaiona choncho mumvetsa chifukwa chake ngongole ndi yoopsa pa geni iyi, munthu mmodzi akathawa ndi kachubu kamodzi muyenera kugulitsa pafupifupi 7 kuti mungobweza mpamba wake, ndipo K6,500 ija inali yofanana ndi phindu la timachubu toposa 160. Mumvetsanso kuti chigubu chikakwera ndi K15,000 ina phindu lonse lapita ndipo muyezo wa 50 pa K300 watha ntchito, mpofunika kusintha tsiku lomwelo.

Shuga anasiya kuoda belo yekha, amagawana ndi amayi ena atatu a m'gulu, aliyense mapaketi 5 pa mtengo wa belo, ndipo akutuluka timapepala 10 pa paketi. Ndalama yomwe inamasuka anabwezera ku sopo katoni yathunthu n'kuyambanso safu wopima, amene tinamupangira kachitini kake kodula tisanagulitse ngakhale kamodzi. Ku gulu ayambanso kuponya ndipo masabata awiri aja akubweza pang'onopang'ono monga tinagwirizana.

Chomwe sichinatheke mpaka pano ndi ngongole za achibale. Pa K6,500 ija yabwera K2,400, yotsalayo theka ndi ya anthu osamuka yomwe ndinawauza kuti aifute m'kope n'kuiwerenga ngati losi, theka linalo ndi la alamu awo amene amatuma ana kudzatenga mafuta ndi shuga kuti adzalipira bambo akalandira. Lamulo lomwe tinaika ndi loti ngongole isapitirire K1,000 pa munthu ndipo yakale isanabwere yatsopano palibe, kwa ena onse likugwira ntchito koma kwa alamuwo mayi akuti sangathe kubweza mwana chimanjamanja iye akuona timachubu tili pachingwe. Ndawapempha amuna awo kuti alankhule ndi mbale wawoyo okha, ndipo pakadali pano zomwe nyumba imeneyo ikutenga tikuzilemba patsamba lapadera kuti zizichotsedwa ku ndalama ya ndiwo yomwe bambo amasiya, osati ku mpamba wa chigubu.